Akuchedwa kuyankha: ndi ntchito kapena chikondi chazirala?

*"Amayi, ndine mtsikana wa zaka 26 ndipo ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Ndili pachibwenzi ndi mnyamata wina kwa miyezi 7 tsopano. Masabata 6 apitawo anapeza ntchito pamalo osungira katundu ku Limbe. Kale ndikamulembera pa WhatsApp ankayankha pompopompo, koma pano pamadutsa maola 8 kapena 10, nthawi zina mpaka mawa lake. Chikundipweteka n'chakuti masana ndimamuona ali 'online', matiki amasanduka a buluu, koma iye zii. Ndikafunsa amangoti anatanganidwa. Ndingadziwe bwanji ngati ilidi ntchito kapena mtima wake wachoka pa ine?"*

Achemwali, khazikani kaye mtima pansi. Pa zaka zimene ndakhala ndikupereka uphungu kwa a pachibwenzi ndi a pabanja, ndaona kuti kuchuluka kwa maola pakokha sikunena kanthu. Ndakhala pansi ndi atsikana amene anyamata awo ankayankha mwachangu tsiku lililonse mpaka sabata imene anawasiya. Ndakhalanso ndi ena amene ankadikira yankho tsiku lathunthu, koma lero ali pabanja ndi munthu yemweyo. Sindikukulonjezani kuti zonse zili bwino, chifukwa mnyamatayo sindinamuone. Chimene ndikunena n'chakuti umboni umene mwaugwira pakadali pano ndi wofooka, ndipo ulipo wina wamphamvu umene mungaupeze popanda kumuzonda kapena kudzizunza.

Tiyambe ndi foniyo, poti ndi imene ikukuuzani zambiri zimene mukukhulupirira. Tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yanu koma sunafike pa yake. Mwina foni yazima, bandulo yatha, kapena ali pamalo povuta netiweki. Matiki awiri otuwa amatanthauza kuti uthenga wafika pa foni yake, osati m'maso mwake. Matiki a buluu, amene WhatsApp inayamba kuonetsa mu 2014, amangonena kuti macheza anuwo atsegulidwa. Sanena kuti munthu anawerenga modekha, kapena kuti manja ake anali opanda kanthu. Munthu akhoza kutsegula uthenga wanu ali pamzere wa chipisi nthawi ya nkhomaliro, kuona kuti ndi wautali ndipo ukufunika kuuganizira, n'kunena mumtima kuti ndiyankha ndikakhala pansi, kenako abwana n'kumuitana. Tsoka lake n'lakuti uthenga ukatsegulidwa, kachizindikiro kosonyeza kuti pali chosawerengedwa kamachoka, ndiye palibenso chomukumbutsa.

Mawu akuti "online" nawonso amapusitsa anthu ambiri. Amaoneka nthawi iliyonse WhatsApp ikakhala yotsegula pa foni yolumikizidwa ku intaneti, ndipo sasiyanitsa ngati munthu akucheza ndi chibwenzi kapena akulandira malangizo a ntchito. Masiku ano ntchito zambiri zimayendetsedwa pa magulupu a WhatsApp. Pamalo osungira katundu, woyang'anira amatumiza pamenepo mndandanda wa zofunika kukwezedwa, dalaivala amatumiza chithunzi cha lisiti, wina amafunsa kuti makatoni atsala angati. Munthu wotero akhoza kuoneka "online" kambirimbiri pa tsiku popanda mphindi ziwiri zoti n'zakezake. Ndiponso kuyankha kuti "chabwino bwana" ndi kuyankha wokondedwa amene wafunsa kuti "bwanji wasintha?" ndi ntchito ziwiri zosiyana kutalitali. Yoyambayo ndi ya chala chokha. Yachiwiriyo imafuna mtima wokhazikika, ndipo anthu ambiri amaikankhira madzulo, madzulowo n'kufika atatopa.

Ganiziraninso moyo wa munthu amene wangoyamba ntchito mumzinda wina. Akadali pa nthawi yoyesedwa, sanadziwane ndi anzake, akuopa kuonedwa atagwira foni. Ngati akukhala ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Chirimba, amadzuka m'mamawa kukalimbirana minibasi, madzulo chimodzimodzi, akafika ayambe kusaka makala ndi ndiwo, mwinanso apeze magetsi azima foni ili ndi batire yochepa. Kusinthaku mwakuona pa nthawi yomwe moyo wake wasintha, ndipo zimenezi ndimaziwerengera kumbali yake. Zikanakhala kuti wasintha popanda china chilichonse chosintha pa moyo wake, ndikanada nkhawa kwambiri.

Pali chinanso chimene achinyamata sakonda kumva. Miyezi yoyambirira ya chibwenzi anthu amalemberana mopitirira muyezo. Amagona mochedwa, amayankha ali m'kalasi, ali m'bafa, ali pamaliro. Palibe amene angakhale choncho mpaka kalekale. Pakapita miyezi ingapo liwiro limatsika ngakhale pa zibwenzi zolimba, chifukwa aliyense wabwerera ku moyo wake. Choncho mukamayerekezera lero ndi mwezi woyamba, pafupifupi chibwenzi chilichonse chioneka ngati chikufa.

Nanga umboni wamphamvu uja ndi uti? Ulipo wa mitundu iwiri, ndipo woyamba ndi uwu: kutanganidwa kumatsata ndandanda, pomwe kuzirala kwa chikondi sikutsata ndandanda iliyonse. Munthu amene ntchito yamupanikiza amasowa pa maola odziwika ndipo amapezekanso pa maola odziwika. Amasowa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, koma usiku amatulukira. Amasowa kwambiri kumapeto kwa mwezi akamawerenga katundu, koma Lamlungu masana mumacheza bwinobwino. Munthu amene mtima wake wachoka amachedwa Lachiwiri, amachedwa Loweruka usiku, amachedwanso Lamlungu masana pamene mukudziwa kuti ali pakhomo osachita kanthu. Chifukwa chake ndimauza anthu kuti asamayang'ane tsiku la ntchito, aziyang'ana tsiku lopuma. Funso ndi lakuti, akapeza mpata, kodi mpatawo umafikako kwa inu?

Umboni wachiwiri, womwe ndimaudalira kuposa wina uliwonse, ndi zimene zimabwera akatha kukhala chete. Tiyerekeze kuti mwalemba 10 koloko m'mawa kuti, "Amayi akudwala, tikupita nawo ku chipatala." Yankho lafika 8 koloko usiku. Maola 10 adutsa. Mnyamata wina alemba kuti, "Pepa, lero kunabwera lole ziwiri, ndangofika kumene. Amayi ali bwanji? Adokotala akuti chiyani? Ndiimbe pano kapena mukadali ku chipatala?" Wina alemba kuti, "Pepa kwambiri," basi, kapena "Waswera bwanji?" ngati kuti uthenga wa m'mawa uja sanauone. Maola ndi ofanana, koma anthuwa ndi awiri osiyana. Woyambayo wabwerera pamene munasiyira, watchula chimene chinamugwira mwatchutchutchu, wafunsa funso lofuna yankho, ndipo wapereka china cholowa m'malo mwa nthawi yotayikayo. Wachiwiriyo wangotseka ngongole ya yankho.

Ndikaona macheza a anthu, ndimayang'ana zinthu zimenezi. Kodi amayankha zimene mwafunsa, kapena amalumpha mafunso n'kungotumiza kankhope koseka? Kodi nayenso amafunsa za inu, kapena mafunso onse amachoka mbali imodzi? Kodi amakumbukira kuti Lachinayi munali ndi mayeso kapena kuti mchemwali wanu anali woyembekezera? Kodi zimachitika kuti iye ndi amene wayamba, inu musanalembe kanthu? Kuyamba kumeneku ndi kofunika kwambiri, chifukwa kuyankha munthu akhoza kuyankha chifukwa cha ulemu chabe, koma kuyamba kumafuna kuti akuganizireni payekha. Ndipo pomaliza, akalephera chinthu, kodi amatchula nthawi ina? Wotanganidwa amati, "Sabata ino sinditha kubwera, koma pa 28 ndikalandira ndikwera basi." Amene wazirala amati, "Tiona," ndipo tsiku lakelo silitchulidwa mpaka inu mutatopa kufunsa.

Ndikuuzeni za mayi wina amene anabwera kwa ine mtima uli m'mwamba. Mwamuna wake ankagwira ntchito ya ulonda ku Joni, maola 12 usiku, ndipo foni ankaisiya m'kabati ya kuntchito. Mayiyu ankalemba madzulo ana akagona, yankho n'kubwera mawa lake cha m'ma 7 koloko m'mawa, kenako bambo aja zii mpaka masana chifukwa anali mtulo. Anzake anamuuza kuti amuna a ku Joni akatero ndiye kuti apeza wina. Titakhala pansi n'kuyang'ana macheza a mwezi wathunthu, tinaona kuti mayankho ankabwera pa ola lomwelo pafupifupi tsiku lililonse, anali mauthenga a mawu aatali, ndipo bamboyo ankafunsa za mwana aliyense pomutchula dzina, za fizi, za denga lomwe linkadontha. Pa tsiku lake lopuma ankaimba ola lathunthu. Vuto silinali chikondi. Anthu awiriwa ankadzuka ndi kugona pa nthawi zosemphana, ndipo palibe amene anafotokozera mnzake. Atagwirizana kuti aziimbirana bambo akangoweruka, mayi asanapite kumsika, nkhawa ija inatha.

Mtsikana wina anabwera ndi nkhani yooneka yopepuka kuposa imeneyi. Mnyamata wake sankachedwa kwambiri, ola limodzi kapena awiri basi. Koma titayang'ana, kwa masabata angapo mnyamatayo sanayambepo macheza ngakhale kamodzi, mayankho ake anali "eya", "ok", "ndiye bho", ndipo katatu konse anakana kukumana osatchula tsiku lina. Ameneyu ndi amene ndinamuuza kuti akonzekeretse mtima, ndipo atamufunsa mnyamatayo mosapsatira, anavomera kuti anali atatopa kale koma ankasowa poyambira.

Tsopano tibwere pa inu. Madzulo ena mukakhala phee, osati pamene mwapsa mtima, tsegulani macheza anu mubwerere m'mbuyo masabata 6 amenewa. Tengani pepala. Pa tsiku lililonse lembani zinthu zitatu zokha: anayamba ndani, yankho lake linabwera nthawi yanji, ndiponso ngati munali funso kapena nkhani yochokera kwa iye. Masiku opuma muwalembe padera. Ngati mukufuna kudziwa nthawi imene uthenga unafika ndi imene unatsegulidwa, dinikizani uthenga wanu kwa kanthawi n'kusankha "Info". Muona "Delivered" ndi "Read". Zimenezi zingakuonetseni, mwachitsanzo, kuti mauthenga ambiri a masana ankafika pa foni yake madzulo, kutanthauza kuti deta amaitsegula mwa apo ndi apo. Koma chitani zimenezi kamodzi kokha. Mukaziyesa chizolowezi cha tsiku ndi tsiku mudzidwalitsa.

Ndimapempha anthu kulemba papepala chifukwa mtima wa nkhawa umakumbukira mosankha. Umasunga bwino tsiku limene anakhala chete mpaka m'mawa, n'kuiwala masiku anayi amene anaimba usiku. Papepala zonse zimaonekera pamodzi. Mlimi satcha ng'amba chifukwa mvula yadumpha tsiku limodzi. Amayang'ana masabata, n'kuyang'ananso ngati chimanga chikufota.

Mukapeza kuti mayankho ake amabwera usiku uliwonse kapena pafupifupi, kuti Lamlungu mumacheza, kuti pa masiku 10 aliwonse iye amayambako kangapo, ndipo nkhani yobwera ku Lilongwe kapena yoti inu mupite ku Blantyre ili ndi tsiku lake, ndinganene molimba mtima kuti muli ndi munthu wotopa, osati wozirala. Mukapeza kuti ngakhale pa masiku opuma ali chimodzimodzi, kuti mukasiya kulemba inuyo macheza amaima masiku angapo, kuti mayina achikondi amene ankakuitanani anatha, ndipo mukatchula zokumana amasintha nkhani, pamenepo pali nkhani yofunika kuikamba. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Zitatu kapena zinayi zikapezeka pamodzi kwa masabata awiri kapena atatu otsatizana, musazinyalanyaze.

Chinthu chimodzi m'kalata yanu chandikhalabe m'maganizo, ndipo sindikubisirani. Yankho lakuti "ndinatanganidwa", likamabwera lokhalokha nthawi zonse, ndi lopanda thupi. Anthu otanganidwadi kawirikawiri amakhala ndi nkhani: amadandaula za abwana, amatchula mnzawo waulesi, amanena kuti msana ukupweteka. Koma ndikudziwanso kuti anyamata ambiri sanazolowere kufotokoza za tsiku lawo, ndipo munthu akafunsidwa moimbidwa mlandu amayankha mwachidule kuti nkhani ithe. Choncho yesani kusintha funso. M'malo mwa "unali kuti tsiku lonse?", mufunseni kuti, "Kodi tsiku lako kuntchitoko limayenda bwanji, kuyambira pofika mpaka poweruka?" Wotanganidwa amamasuka pa funso limeneli, nthawi zina mpaka kukutopetsani. Ndipo inu mudzadziwa maola amene simuyenera kuyembekezera kanthu.

Mukatha zimenezi mulankhule naye, ndipo mulankhule ndi pakamwa. Nkhani imeneyi si yolemba, chifukwa mawu olembedwa alibe kamvekedwe ndipo iye adzawawerenga ndi mantha ake monga inu mumawerengera kukhala chete kwake ndi mantha anu. Muimbireni pa tsiku lake lopuma, atadya, atapuma. Munganene motere: "Ndikudziwa kuti ntchito yakupanikiza ndipo ndikukunyadira. Koma ukakhala chete tsiku lonse ndimasowa mtendere. Sindikupempha kuti uzicheza nane uli pantchito. Ndikupempha kauthenga kamodzi m'mawa kapena masana, ndi kuti tiziimbirana Lachitatu ndi Lamlungu madzulo. Ungakwanitse?" Onani kuti pempholi ndi laling'ono, lili ndi masiku ake, ndipo munthu wotanganidwa kwambiri akhoza kulikwanitsa. N'chifukwa chake limagwira ntchito ngati muyezo. Kulemba kuti "lero kwachuluka, tilankhulana usiku" sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Kenako mupatseni masabata awiri, ndipo muyang'ane zochita zake, osati zimene wanena pa foni paja. Pafupifupi aliyense amavomera akafunsidwa. Amene akukufunani amayesetsa, amaphonya tsiku limodzi kapena awiri, n'kupepesa yekha musanamukumbutse. Amene wazirala amasintha masiku atatu n'kubwerera mwakale, kapena amakwiya ndi pempho lenilenilo n'kukuuzani kuti mumavuta. Zikatero muli ndi ufulu wofunsa funso lalikulu mosazungulira: "Kodi chibwenzichi ukuchifunabe?" Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndaona atsikana ambiri akutaya chaka chathunthu poopa funso limeneli, pamene yankho lake, ngakhale lowawa, likanawamasula msanga.

Pa masabata amenewa pali zinthu zimene ndikukupemphani kuti mupewe, chifukwa zimasokoneza umboni womwe mukuufunawo. Musatumize mauthenga otsatizana monga "uli pompo?", "ndakuona uli online", "chabwino, zikomo". Munthu akatsegula foni madzulo n'kupeza mulu wa madandaulo, amayamba kuopa macheza anu ndipo amachedwa kwambiri kuwatsegula, inu n'kuona ngati zimene mumaopa zatsimikizika. Musabwezerenso pochedwa dala kuti naye amve kuwawa. Mukatero nonse awiri mukhala mukuwerenga maola m'malo molankhulana. Musamuyese ndi nambala yachilendo kapena kutuma mnzanu kuti amunyengerere, ndipo musaike mawu omulasa pa sitetasi. Koma kuchepetsako kulemba kuti naye apeze mpata woyamba si masewera. Ngati inu mumalemba 6 koloko m'mawa tsiku lililonse, simungadziwe ngati akanayamba 7 koloko.

Palinso njira yachitatu imene anthu amaiwala, poganiza kuti nkhani ndi ziwiri zokha, ntchito kapena chikondi chatha. Munthu akhoza kukhala chete chifukwa ali pamavuto. Mnyamata amene wapita kutauni ina ndi chiyembekezo, n'kupeza kuti malipiro akuthera lendi ndi thiransipoti, nthawi zambiri amachita manyazi. Amaopa kuti mukacheza mufunsa za kubwera, za chinkhoswe, za tsogolo, ndipo alibe choyankha, ndiye amathawa macheza onse. Matenda a kukhumudwa nawonso amachititsa munthu kudzipatula. Kusiyana kwake n'kwakuti wotereyu sathawa inu nokha. Achibale ake amadandaulanso kuti sakuimba, anzake sakumuona, mawu ake pa foni amamveka ofooka, amadandaula kusowa tulo kapena chilakolako cha chakudya. Amene wazirala pa inu nokha amakhala wansangala kwina konse: pa magulupu akuseka, pa sitetasi ali kokacheza. Mukaona zizindikiro za kudzipatula konsekonse, funso loyenera ndi lakuti "kodi uli bwino?" osati "kodi umandikondabe?" Ndipo ngati atanenapo mawu osonyeza kuti watopa ndi moyo, musawatenge mopepuka kapena kuwasunga nokha, dziwitsani mbale wake wapafupi tsiku lomwelo kuti apite naye ku chipatala.

Ndikufunanso kulankhula za inuyo, chifukwa maola 10 amenewa mukuwakhala ndinu. Akatswiri a maganizo Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anaonetsa mu 1987 kuti akuluakulu amasiyana mmene amagwirira chikondi, mofanana ndi mmene ana amasiyanirana pa kudalira owalera. Ena mnzawo akakhala chete amangoti abwera. Ena mtima umayamba kuthamanga nthawi yomweyo, makamaka amene anasiyidwapo mwadzidzidzi kapena ananamizidwapo. Ngati muli m'gulu lachiwirili si mlandu, koma dziwani kuti kukula kwa nkhawa yanu sikukuuzani kukula kwa vuto. Dzifunseni ngati munamvapo chimodzimodzi pa chibwenzi china kapena mnzanu wamkazi akachedwa kuyankha. Ngati yankho ndi eya, gawo lina la ululuwu linabwera mnyamatayu asanabwere.

Chothandiza msanga ndi kuchotsa zimene zikudyetsa nkhawayo. Pa WhatsApp pitani pa "Settings", kenako "Privacy", muzimitse "Read receipts". Mukatero simuonanso matiki a buluu pa macheza a anthu awiri, ndipo nayenso saona anu. Pomwepo pali "Last seen and online". Mukabisa zanu, simuonanso za ena. Muuzeni kuti mwachita zimenezi ndi chifukwa chake, kuti asaganize kuti mukubisa kanthu. Ambiri amene ndawalangiza izi amabwera kudzanena kuti akugona bwino, chifukwa kuyang'ana kaja kanali kosapatsa yankho, kongowonjezera mafunso.

Mtunda nawo muuganizire. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, ulendo wa maola angapo pa basi, ndipo si wotchipa. Koma chibwenzi chongokhala pa foni chimafooka ngakhale onse awiri ali ndi mtima wabwino. Gwirizanani tsiku lokumana m'mwezi ukubwerawu, ngakhale mutasonkherana thiransipoti, ndipo likhale tsiku lenileni la pakalendala. Mmene adzalandirire nkhani imeneyi, ndi mmene adzakhalire mukadzaonana maso ndi maso, zidzakuuzani zambiri kuposa matiki a mwezi wathunthu. Ngati mutapita ku Limbe iye n'kumakubisani kwa anzake kapena kukana kuti muone kumene akukhala popanda chifukwa chomveka, chimenecho ndi chizindikiro cholemera kuposa kuchedwa kuyankha.

Pali nthawi zina pamene nkhani imeneyi imafuna thandizo loposa kalata. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, simukudya bwino, mukulira pafupipafupi kapena ntchito ikukukanikani chifukwa choyang'ana foni, kaonaneni ndi mlangizi kapena pitani ku chipatala mukafotokoze momwe mukumvera. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli a St John of God amene amathandiza pa za umoyo wa maganizo, ndipo ku chipatala cha boma angakulozereni kwa woyenera. Simuyenera kudikira kuti zifike poipa.

Samalaninso ndi kukhala chete kogwiritsidwa ntchito ngati chikwapu. Ngati amasowa masiku angapo nthawi iliyonse mukamutsutsa, mukakana kumutumizira ndalama kapena zithunzi za thupi lanu, n'kubwerera pokhapokha mutapepesa, kumeneko si kutanganidwa ndipo si kuzirala; ndi njira yokulamulirani. Chimodzimodzi ngati iye amachedwa mmene akufunira koma inu mukachedwa mphindi 10 amakutukwanani kapena kukuopsezani. Zikafika pamenepo uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, azakhali kapena mlangizi wa kumpingo kapena kumzikiti, ndipo ngati pali kuopseza sungani mauthengawo mukawaonetse ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Ndipo ngati mwaona kuti amatulukira ndi mawu okoma kumapeto kwa mwezi kokha, pempho la ndalama lili pambuyo, siyani kaye kutumiza muone ngati macheza apitirira.

Pa zimene mwalemba, sindikuona zoopsa zoterezi. Ndikuona munthu amene wangoyamba ntchito yolemetsa kutali ndi kwawo, ndi mtsikana amene sanauzidwe kuti tsiku la mnzakeyo likuyenda bwanji. Lembani pepala lija sabata ino, mumuimbire Lamlungu ndi pempho lanu laling'ono, ndipo pakatha masabata awiri mundilemberenso mundiuze zimene wachita.